Damu Limodzi, Kope Limodzi: Kawerengedwe ka Madzi, Mbewu ndi Chakudya cha Nsomba Kuno ku Joni

Chiyambire pamene anthu a kumudzi anadziwa kuti ndimagwira ntchito pa famu ya nsomba kunja kwa Johannesburg, sipadutsa mwezi osalandira funso la kawerengedwe ka madzi, tiana ta nsomba ndi chakudya chake m'damu. Ena ndi ophunzira amene akulemba lipoti la kusukulu, ena akusunga ndalama kuti akakumbe damu akabwerera kwawo. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, mtsikana wina wa kwathu amene akuphunzira za ulimi wa nsomba anandigwira pageti ali ndi kope m'manja. "Amalume, tandionereniko. FCR yathu yatuluka 1.39, koma ndalama ya chakudya siyikubwerera. Talakwitsa pati?" FCR ndi nambala yosonyeza makilogalamu a chakudya amene athiridwa kuti nsomba ziwonjezere kilogalamu imodzi. Tinakhala pa benchi mpaka tiyi anazizira. Zimene ndinamuuza ndi zimene ndalemba apa, kuti wofunsa wotsatira ndizingomutumizira.

Tigwiritsa ntchito damu lawo lomwelo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndi la mamita 20 m'litali, mamita 10 m'lifupi, kuya kwake pafupifupi mita imodzi, ndipo lili ndi denga la pulasitiki losunga kutentha. Makina opopera mpweya mulibe. Nsomba yake ndi Oreochromis mossambicus, mbale wake wa makumba ndi chambo, yomwe ndi ya konkuno kum'mwera kwa Africa. Nsomba ya ku Nile ija imene mabuku ambiri amaitama, kuno imafuna chilolezo cha boma chifukwa ili m'gulu la zamoyo zolanda malo a zinzake, choncho musayigule mwachibwana kwa munthu wapamsewu.

1. Yambani ndi kutentha kwa madzi, musanagule chilichonse

Nsomba za mtundu wa chambo zimakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30. Akatsika kuchepera 20 zimayamba kudya mwaulesi, cha m'ma 16 zimangosiya, ndipo akafika cha m'ma 10 mpaka 12 zimayamba kufa. Tsono Joni si Mangochi. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julaye mumadzuka kupeza udzu wayera ndi chisanu. Damu lapamtetete silingasunge nsombazi m'miyezi imeneyo. Nthawi yanu yoweta ndi kuyambira mu Okutobala mpaka mu Epulo, pafupifupi miyezi 6, ndipo chiwerengero chilichonse chimene tipange m'munsimu chiyenera kulowa m'miyezi imeneyi.

Gulani kachida koyezera kutentha, kamangireni chingwe, muzikamiza theka la mita. Yezani kawiri, m'mawa kwambiri ndi cha m'ma 3 koloko masana. Musayeze ndi dzanja pamwamba pa madzi, chifukwa pamwamba pamafunda msanga pamene pansi pomwe pali nsomba pakali pozizira.

Za madzi odzazira damu, mawu awiri okha. Madzi a pampopi ali ndi mankhwala ophera tizilombo amene amaphanso nsomba, ndipo mtundu wina wa mankhwalawa suchoka pongowasiya madziwo usiku umodzi. Madzi a mjigo kapena a mtsinje wapafupi ndi milu ya migodi ija, kayezetseni kaye, poti madzi otuluka m'migodi yakale ya golide amakhala ndi asidi ndi zitsulo.

2. Mpweya wa m'madzi: yezani kusanache, osati masana

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amadzinamiza osadziwa. Amafika pa damu cha m'ma 10 koloko, dzuwa lakwera kale, n'kumiza mita yoyezera okosijeni, mita n'kuonetsa 7 mg/L, kutanthauza mamiligalamu 7 pa lita imodzi ya madzi, iwo n'kulemba kuti madzi ali bwino. Koma nsomba sizifa masana.

Madzi obiriwira a m'damu ali ndi tindere tosaoneka ndi maso. Dzuwa likawala timapanga okosijeni, ndipo madzulo amakhala atachuluka kwambiri. Kukada timasiya kupanga, n'kuyamba kupuma ngati chamoyo china chilichonse. Usiku wonse nsomba zikupuma, tindere tikupuma, tizilombo towoletsa ndowe ndi chakudya chotsala pansi nato tikupuma, ndipo palibe wobwezeretsa. Choncho okosijeni amafika pochepetsetsa m'bandakucha, dzuwa lili pafupi kutuluka. Muyeso wa nthawi imeneyo ndi umene umakuuzani zoona za damu lanu. Kuno m'chilimwe kumacha msanga, ndiye muzikhala muli pa damu 5 koloko isanakwane.

Ine ndimatsata izi. Mita ikaonetsa 5 mg/L kapena kuposa, palibe nkhawa. Ikaonetsa pakati pa 3 ndi 5, nsomba zidya, ingodikirani dzuwa likwere. Ikatsika kuchepera 3, chepetsani chakudya cha tsikulo ndi theka. Ikachepera 2, musadyetse m'mawa umenewo, ndipo thiranimo madzi atsopano ngati alipo. Makumba ndi abale ake amapirira mpweya wochepa, safa msanga, koma kupirira si kukula. Nsomba imene yakhala usiku wonse ikulimbana ndi mpweya sigaya chakudya bwino, ndipo muziona zimenezi pa FCR tikafikapo.

Palinso china chimene mabuku olembedwa kumadera a m'mphepete mwa nyanja satchula. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndiye madzi amasunga okosijeni wochepa. Madzi a madigiri 25 m'mphepete mwa nyanja yamchere akakhuta amasunga pafupifupi 8.3 mg/L, koma madzi omwewo kuno ku Joni amakhuta ali cha pa 6.7. Mukuyamba kale ndi nkhokwe yaying'ono. Ngati mita yanu imafunsa kutalika kwa malo poyikonza, lembanimo kutalika kwa kuno, apo ayi izikunamizani tsiku lililonse.

Mulibe mita? Maso alipo. Pitani mwakachetechete kusanache. Mukapeza nsomba zadzaza pamwamba zikuyasama kukamwa, ombani m'manja. Zikamira n'kusowa, ndipo dzuwa likatuluka osabwereranso, vuto ndi laling'ono. Zikangogwedezeka pang'ono n'kupitiriza kuyasama, kapena zikakhalabe pamwamba dzuwa litakwera, damu lili pangozi. Chenjerani makamaka pakachita mitambo masiku awiri kapena atatu otsatizana, komanso m'mawa wotsatira mvula yamabingu ndi matalala imene imagwa madzulo kuno. Madzi ozizira akalowa m'damu mwadzidzidzi amatha kutembenuza madzi, apansi opanda mpweya aja n'kusakanikirana ndi apamwamba.

Kubiriwira kwa madzi yezani ndi mkono. Pisani mkono pang'onopang'ono chikhatho chitayang'ana kumwamba. Chikasowa madzi atafika cha pa chigongono, ndiye kuti ndi masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mpomwe timafuna. Chikasowa mutangomiza pang'ono, tindere tachulukitsa ndipo usiku tidzamaliza mpweya: siyani kuthira manyowa. Mukaona mpaka pansi, damu lilibe chakudya chachilengedwe. Koma onetsetsani kuti chobisa dzanjacho ndi kubiriwira, osati matope ofiira, chifukwa matope sadyetsa nsomba.

3. Amoniya musamuwerenge payekha, muwerengereni pamodzi ndi pH

Nsomba ikadya chakudya cha mapuloteni imatulutsa amoniya m'madzi. Timabotolo toyezera madzi timakupatsani amoniya yense pamodzi, koma amoniyayo ali pawiri: wina wosavulaza kwenikweni, wina wapoizoni. Chimene chimagawa ndi kutentha ndi pH, yomwe ndi muyeso wa asidi wa m'madzi: asidi akachepa, pH imakwera. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7, wapoizoniyo ndi pafupifupi theka la gawo limodzi pa 100. Pa pH 8 amakwera kufika magawo 5 pa 100. Pa pH 9 amadutsa gawo limodzi mwa magawo atatu.

Ndiye tinene kuti kabotolo kaonetsa 1 mg/L. M'mawa, pH ili 7, wapoizoni ndi 0.006 mg/L basi, palibe kanthu. Masana m'damu lobiriwira kwambiri tindere timakweza pH, ndipo ikafika 9, 1 mg/L yemweyo ali ndi 0.36 mg/L wapoizoni, pamene ife timayamba kudandaula akangodutsa 0.05. Nchifukwa chake okosijeni timayeza kusanache, koma amoniya ndi pH timayeza masana cha m'ma 3 koloko. Akakwera, mankhwala oyamba ndi kusiya kudyetsa tsiku limodzi kapena awiri ndi kusinthako madzi. Ndipo musathire layimu tsiku limenelo, poti akweza pH n'kuwonjezera poizoni.

4. Chiwerengero cha mbewu: yambirani pa tsiku lokolola, mubwerere m'mbuyo

Tikamati mbewu tikunena tiana ta nsomba togula kuti tilere. Funso lomwe ndimalandira ndi lakuti, "Ndiike zingati pa mita?" Funso labwino ndi lina: damu langa lingasenze makilogalamu angati a nsomba pa tsiku lomaliza? Tiana 2,000 ta magalamu 10 timakwana bwinobwino m'damu la anzathuwa mu Okutobala. Vuto limabwera mu Febuluwale, titakula, tikufuna chakudya ndi mpweya zomwe damu silingapereke.

M'damu ladothi lopanda makina a mpweya, lodyetsedwa mapeleti, timibulu ta chakudya cha nsomba, ine sindidutsa theka la kilogalamu ya nsomba pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Damu lathu ndi 20 kuchulukitsa ndi 10, mamita 200, ndiye lingasenze makilogalamu 100. Tikufuna nsomba ya magalamu 200, yokwana m'mbale. Makilogalamu 100 kugawa ndi 0.2 ndi nsomba 500 pokolola. Si zonse zidzafike: zina zidzafa sabata yoyamba, zina adzadya akakowa, ng'azi ndi akatumbu. Tikayembekezera kuti zipulumuka 85 pa 100 zilizonse, 500 kugawa ndi 0.85 ndi 588. Tigule 600, zomwe ndi nsomba 3 pa mita.

Tsopano yesani chiwerengerocho ndi chakudya. Kumapeto nsomba za makilogalamu 100 zidzafuna makilogalamu 2 a chakudya pa tsiku, omwe ndi magalamu 10 pa mita. Amenewo ndi malire a zimene damu lopanda makina lingagaye popanda mpweya kugwa usiku. Mukaika nsomba 6 pa mita simudzakolola makilogalamu owirikiza kawiri. Mudzakolola pafupifupi makilogalamu omwewo, koma nsomba zazing'ono zosagulika bwino.

Ena amaona mathanki a pa mafamu a kuno odzaza nsomba mpaka kukhudzana n'kufuna kutengera. Mathanki amenewo ali ndi mapampu, zosefera madzi ndi makina a mpweya osazima, ndipo magetsi akathima popanda jenereta nsomba zimayamba kufa pasanathe maola ochepa. Chiwerengero cha m'thanki si cha m'damu.

Gulani mbewu yamphongo yokhayokha ngati ikupezeka. Mossambicus imayamba kuswana ikadali yaying'ono, patangotha miyezi yochepa, ndipo yayikazi imasunga mazira m'kamwa osadya. Mukasakaniza, pofika Januwale muli ndi tiana tambirimbiri todya chakudya cha akuluakulu, ndipo 3 pa mita uja wasanduka chiwerengero chosadziwika.

Tsiku loika mbewu chitani zinthu ziwiri. Yandamitsani thumba m'damu kwa mphindi 20 kuti kutentha kufanane, kenako muzilowetsamo madzi a m'damu pang'onopang'ono mpaka tiana tituluke tokha. Ndipo werengani, yezani, lembani. Anzathuwa analandira 600 ta magalamu 10, onse pamodzi makilogalamu 6. Sungani nambala imeneyi, tidzayifuna.

5. Kuyeza nsomba zili m'madzi: gawo limene ambiri amalumpha

Mlimi wa nkhuku amaona nkhuku zake. Inu zanu simuziona, koma chakudya cha tsiku lililonse chimawerengedwa kuchokera pa kulemera kwa nsomba zonse zomwe zili m'damu. Mukalakwitsa apa, zonse zotsatira zalakwika. Choncho milungu iwiri iliyonse muyenera kugwira zina n'kuziyeza, ndipo kagwiridwe kake nkofunika kuposa masamu ake.

Chitani m'mawa dzuwa litatuluka koma kusanatenthe, nsomba zisanadye. Nsomba yokhuta imalemera ndi chakudya cha m'mimba, komanso imavutika kwambiri ikagwiridwa. Ngati kusanache zinali pamwamba zikuyasama, musaziyeze tsiku limenelo.

Cholakwa chachikulu ndi kuwaza chakudya pakona n'kuvuula zimene zabwera. Zobwera msanga ndi zikuluzikulu, zolimba mtima, zolanda chakudya. Mukayeza zimenezo mudzaganiza kuti damu lonse lakula chomwecho, mudzawonjezera chakudya, ndipo chotsalacho chidzawola pansi. Kokani khoka kudutsa gawo la damu, ndipo m'khokamo musasankhe. Tapani ndi kaukonde kamanja zonse zimene zalowa, yayikulu ndi yonyentchera yomwe, mpaka zikwane 30 kapena kuposa. Zikakhala 50 ndi bwino koposa. Ndaona wophunzira akubweza kansomba kakang'ono m'madzi akunena kuti kawononga chiwerengero. Kansomba kameneko ndi kamene kakunena zoona.

Musaike nsomba pa sikelo imodziimodzi zili zouma. Thirani madzi a m'damu mu ndowa, iyikeni pa sikelo, lembani kulemera kwake. Ikanimo nsomba mutakhetsa madzi a m'kaukonde, lembaninso, kenako muziwerenge pozibweza m'damu. Tsiku lina mu Disembala kope la anzathuwa linati: ndowa ndi madzi makilogalamu 5.00, ndowa ndi nsomba 30 makilogalamu 6.86. Kusiyana kwake ndi 1.86, kugawa ndi 30, nsomba imodzi magalamu 62.

Nsomba zili m'manja, ziyang'aneni. Onani zilonda, zipsepse zothetheka, mimba yofwapa, ndiponso ngati m'khoka mwalowa tiana timene simunaike.

Tsopano chovuta chenicheni: zatsala zingati? Mumayamba ndi 600 n'kumachotsera iliyonse yakufa imene mwaitola. Pofika tsiku limenelo anali atatola 40, ndiye kope linati 560. Ndiye 560 kuchulukitsa ndi magalamu 62 ndi makilogalamu 34.7. Koma dziwani kuti kope limangodziwa zimene zinayandama. Yodyedwa ndi mbalame, yomira n'kuwolera pansi, yotengedwa usiku ndi munthu, kope siliidziwa. Chiwerengero cha m'kope nthawi zonse chimaposa cha m'madzi, ndipo kusiyanako kumakula miyezi ikamapita. Nchifukwa chake masamu okha sakwanira, muyenera kuima pa damu nsomba zikudya.

6. Chakudya cha tsiku: masamu apereke muyeso, nsomba zitsimikize

Nsomba yaying'ono imadya kwambiri poyerekeza ndi thupi lake. Madzi akakhala ofunda bwino, ya magalamu 10 ipatseni magawo 5 pa 100 a kulemera kwake pa tsiku, ya magalamu 50 mpaka 100 magawo 3, ndipo ikamayandikira 200 mutsike kufika magawo 2. Pa makilogalamu 34.7 aja, magawo 3 pa 100 ndi kilogalamu 1.04 pa tsiku. Gawani pawiri kapena patatu, koyamba cha m'ma 9 kapena 10 koloko mpweya utakwera, komaliza cha m'ma 3 koloko. Musadyetse dzuwa likulowa, poti nsomba yokhuta imafuna mpweya wambiri nthawi yomwe mpweya wayamba kutsika.

Chakudyacho chiyezedwe pa sikelo. Kapu kapena chitini mungagwiritse ntchito mutayeza kaye kuti chimalowa magalamu angati, ndipo muyezenso mukasintha kukula kwa mapeleti. Mapeleti oyandama ali ndi ubwino woti mumaona zotsala. Wazani pang'onopang'ono malo omwewo tsiku lililonse. Pakatha mphindi 15 mpaka 20 ena akuyandamabe, mwapyola muyeso: mawa chepetsani, kaya masamu akuti chiyani. M'kope lembani zimene mwathiradi, osati zimene munayenera kuthira. Zikamasiya chakudya masiku angapo pamene mpweya, kutentha ndi amoniya zili bwino, ganizirani kuti nsomba zili m'madzimo ndi zochepa kuposa za m'kope.

7. FCR: kuwerengera kwake ndi kumva zimene ikunena

FCR ndi nambala yokuuzani makilogalamu a chakudya amene mwathira kuti nsomba ziwonjezere kilogalamu imodzi. Ikachepa ndiye bwino.

```
FCR = chakudya chonse (kg) / (kulemera pomaliza (kg) - kulemera poyamba (kg))
```

Musadikire kukolola. Werengerani pa milungu iwiri iliyonse. Pambuyo pa muyeso wa magalamu 62 uja, anzathuwa anathira kilogalamu 1.04 kwa masiku 14, onse pamodzi makilogalamu 14.6. Atayezanso anapeza magalamu 78, ndipo zisanu zinali zitafa, kutsala 555, zomwe ndi makilogalamu 43.3. Zawonjezera 43.3 kuchotsa 34.7, makilogalamu 8.6. Ndiye 14.6 kugawa ndi 8.6 ndi 1.7. Pa mapeleti abwino m'damu lobiriwira, pakati pa 1.5 ndi 2 ndi pomwe ndimayembekezera. Amene amadyetsa madeya okha, ngati mmene ambiri amachitira kumudzi, asadabwe kuona nambala yodutsa 3, chifukwa madeya ali ndi mapuloteni ochepa. Kumbukiraninso kuti m'damu lobiriwira nsomba zimadya tindere tomwe simunayeze pa sikelo, choncho FCR ya m'damu musaiyerekeze ndi ya m'thanki ya madzi oyera.

Tinatsegula tsamba la Febuluwale. Nsomba 540 za magalamu 120, makilogalamu 64.8. Anathira kilogalamu 1.6 pa tsiku, masiku 14, makilogalamu 22.4. Muyeso wotsatira: 538 za magalamu 128, makilogalamu 68.9. Zawonjezera 4.1 okha. FCR ya milungu iwiri imeneyo ndi 5.5.

Ndinamufunsa mtsikana uja kuti, "Mwanawe, mwezi umenewu kunali bwanji?" Anaganiza pang'ono n'kuti, "Kunachita mitambo pafupifupi sabata yathunthu, amalume. Koma mpweya unali bwino, onani apa, 6 ndi 7." Ndinamuonetsa pamwamba pa tsambalo pomwe analemba nthawi yoyezera: 11 koloko. Palibe anapitako kusanache. Damu linali litalemera, madzi atabiriwira kwambiri, dzuwa kulibe, ndipo iwo anapitiriza kuthira kilogalamu 1.6 tsiku ndi tsiku chifukwa pepala linatero. Chakudya chosadyedwa chinawola n'kumalizanso mpweya womwe unali wochepa kale.

Mukaona FCR yalumpha chotere, fufuzani motsatana. Choyamba bwerezani kuyeza nsomba, poti nsomba 30 zikhoza kukunamizani ngati ulendo wapita munagwira zikuluzikulu. Zikatsimikizika, onani mpweya wa kusanache, kenako kutentha kwa madzi, kenako amoniya wa masana. Zonsezi zikakhala bwino, yang'anani tiana m'mphepete mwa damu ndi zisa zonga mbale pansi, zomwe zikusonyeza kuti zayamba kuswana. Pomaliza nunkhizani thumba la chakudya. Likakhala ndi fungo la nkhungu kapena lakhalitsa pachinyezi, litayeni.

Tsopano 1.39 uja. Pokolola mu Epulo anali atathira matumba 6 a makilogalamu 25, onse pamodzi 150. Nsomba imodzi inali magalamu 180, sizinafike 200 chifukwa cha Febuluwale uja. Iwo anatenga 600 zomwe anaika poyamba, kuchulukitsa ndi 0.18, kupeza makilogalamu 108, ndipo 150 kugawa ndi 108 kunapereka 1.39. Zolakwa zilipo ziwiri. Anawerengera nsomba zakufa ngati zamoyo, ndiponso sanachotsere makilogalamu 6 amene mbewu inabwera nawo. Tsamba lomaliza la kopelo linali ndi chiwerengero chenicheni cha pokolola: nsomba 498, makilogalamu 89.6 pa sikelo. Kope la tsiku ndi tsiku linkati zatsala 530 ndi kanthu, ndiye zoposa 30 zinasowa osaonedwa. Kuwerengera koyenera ndi 89.6 kuchotsa 6, makilogalamu 83.6, ndipo 150 kugawa ndi 83.6 ndi 1.79.

Kusiyana kwa 1.39 ndi 1.79 kumaoneka kochepa pa pepala, koma kuikeni mu ndalama. Tingoyerekeza kuti chakudya mukugula R20 pa kilogalamu. Pa 1.39, kilogalamu ya nsomba yakudyerani pafupifupi R28 ya chakudya. Pa 1.79 yakudyerani pafupifupi R36, musanawerengere mbewu, madzi, thiransipoti ndi ntchito yanu. Munthu woika mtengo wogulitsira potengera nambala yoyambayo amadabwa kumapeto kuti ndalama yapita kuti, ngati mmene anadabwira mtsikana uja.

Mu lipoti lanu lembani zonse zitatu pamodzi: FCR 1.79, zopulumuka 498 pa 600 zomwe ndi 83 pa 100, ndi zokolola makilogalamu 89.6 pa mamita 200. Aphunzitsi akaona FCR yokha popanda chiwerengero cha zopulumuka adzakufunsani, ndipo akuyenera kutero.

8. Kope lokha

Gulani kope lachikuto cholimba, lembani ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka ikanyowa, ndipo lizikhala pa damu m'jumbo, osati kunyumba. Tsamba lililonse likhale ndi deti, kutentha kwa m'mawa ndi masana, okosijeni wa kusanache ndi nthawi yeniyeni yomwe mwayeza, pH ndi amoniya wa masana kawiri pa sabata, magalamu a chakudya amene mwathiradi, nsomba zakufa, ndi mawu ochepa a nyengo, monga mitambo kapena matalala. Ngati muli gulu, gawanani masiku a kusanache mbewu isanafike, ndipo woyeza azisaina dzina lake pambali pa nambala. Epulo akayamba, muziyang'ana kutentha kwa m'mawa tsiku lililonse. Kukakhala pansi pa 20 kwa masiku angapo otsatizana, chepetsani chakudya, uzani ogula anu, ndipo konzani khoka.